Mwalipira theka la nthawi, koma ngongole sinafike theka: kawerengedwe ka pepala la kabwezedwe ka ngongole

Dandaulo limodzi limamveka kawirikawiri pakati pa anthu athu muno mu Harare, kaya ndi ogulitsa kaunjika ku Mupedzanhamo kaya ndi apantchito okhala ku Mufakose ndi ku Highfield. Munthu wabwereka $600 yoti abweze m'miyezi 6. Walipira miyezi 3 osaphonya, ndipo mumtima akudziwa kuti kwatsala $300. Akafika ku ofesi akumuuza kuti, "Mayi, ngongole yanu yatsala $321.92." Apo mkangano wayamba, wina akuti andibera, wina akuti kompyuta siinama.

Nthawi zambiri $321.92 imeneyo imakhala yolondola. Nthawi zinanso papepala pamakhaladi cholakwika, kapena pamakhala ndalama ina imene wobwereka sanauzidwe bwino. Kuti mudziwe kuti ndi ziti, simufunika sukulu ya maakaunti. Kuchulukitsa kamodzi ndi kuchotsera kawiri pa mzere uliwonse n'kokwanira, ndipo kakyuleta ya pafoni imatha ntchito yonseyo.

## Zimene zili papepalalo

Mukasaina ngongole ku banki kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama zing'onozing'ono, pamakhala pepala losonyeza mmene mudzabwezere. Ngati sanakupatseni, lipempheni, makamaka musanasaine. Mzere uliwonse ndi ulendo umodzi wolipira. Muno mitu ya madanga ake imalembedwa m'Chingerezi, ndipo ofunika kwa ife ndi anayi.

`Instalment` ndi ndalama yonse imene mumapereka mwezi umenewo. `Interest` ndi chiwongoladzanja, mtengo wogwiritsa ntchito ndalama ya eni. `Principal`, kapena `Capital` pamapepala ena, ndi gawo lobweza ndalama imene munatenga, ndipo m'nkhani ino tizilitchula kuti ngongole yeniyeni. `Balance` ndi ngongole yeniyeni imene yatsala mukalipira.

Mfundo yaikulu ndi yakuti ndalama ya pamwezi siipita yonse kukachepetsa ngongole. Wobwereketsa amayamba watapa chiwongoladzanja chake, ndipo zotsalazo ndi zimene zimagwetsa ngongole. Zili ngati munthu wochita lendi nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi amene mwezi uliwonse akubweza chipinda chimodzi kwa mwini wake. Lendi amalipira ya zipinda zimene akadali nazo basi. Poyamba lendiyo ndi yaikulu, kumapeto imakhala ya kachipinda kamodzi.

## Tiwerengere limodzi $600 ija

Tinene kuti pangano likuti $600, miyezi 6, chiwongoladzanja 5 peresenti pamwezi pa ndalama yotsala, ndipo mwezi uliwonse mukulipira $118.21. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, inu muikepo a papepala lanu.

Mwezi woyamba ndalama yonse ikadali m'manja mwanu. Chulukitsani 600 ndi 0.05, yomwe ndi 5 peresenti ija, mupeza $30.00. Chimenecho ndi chiwongoladzanja. Chotsani 30.00 pa 118.21, patsala $88.21, ndiyo yopita ku ngongole yeniyeni. Chotsaninso 88.21 pa 600, patsala $511.79. Mzere woyamba watha.

Mwezi wachiwiri 600 ija muiiwale, chifukwa simulinso nayo. Yambirani pa 511.79. Mukachulukitsa ndi 0.05 kakyuleta ikupatsani 25.5895, ndiye kuti $25.59 tikafikitsa pa senti yapafupi. Pa 118.21 patsala $92.62, ndipo ngongole yatsika kufika pa $419.17. Mukapitiriza chomwecho mpaka kumapeto, pepala lolondola lioneka motere:

| Mwezi | Yolipira | Chiwongoladzanja | Ngongole yeniyeni | Yotsala |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 118.21 | 30.00 | 88.21 | 511.79 |
| 2 | 118.21 | 25.59 | 92.62 | 419.17 |
| 3 | 118.21 | 20.96 | 97.25 | 321.92 |
| 4 | 118.21 | 16.10 | 102.11 | 219.81 |
| 5 | 118.21 | 10.99 | 107.22 | 112.59 |
| 6 | 118.22 | 5.63 | 112.59 | 0.00 |

$321.92 ija ndi imeneyo pa mzere wachitatu. Mayi aja m'miyezi itatu anapereka $354.63, koma $76.55 mwa imeneyo inali chiwongoladzanja, ndiye ngongole yeniyeni inatsika ndi $278.08 yokha. Palibe amene anawabera. Miyezi yoyambirira ndi imene chiwongoladzanja chimadya kwambiri chifukwa ndi pamene ngongole ili yaikulu. Pa ngongole ya miyezi 6 kusiyanaku n'kochepa, koma pa ya zaka zingapo munthu amatha chaka chathunthu akulipira n'kumaona ngati ngongole sikusuntha.

Taonaninso senti imodzi yowonjezera pa mwezi womaliza. Ndalama ya pamwezi ikawerengedwa ndendende imakhala 118.2105, ndipo tizidutswa ta senti timene timatayika mwezi ndi mwezi timakalipidwa kumapeto. Kusiyana kwa senti imodzi kapena ziwiri ndi kotere, musavutike nako. Kukafika dola kapena kuposa, pali china chake chimene chikufunika kufufuza.

Mukamaliza mizere, onkhetsani madanga kuchokera pamwamba kutsika. Danga la ngongole yeniyeni liyenera kukwana $600.00 ndendende. La chiwongoladzanja pano likukwana $109.27, ndipo la zolipira zonse $709.27, yomwe ndi 600 kuphatikiza 109.27. Ngongole yeniyeni ya mzere womaliza iyenera kufanana ndi yotsala ya mzere wa pamwamba pake, ndipo pansi penipeni pakhale ziro. Pakatsala ndalama ina pansipo, ndiye kuti pali chimtolo chodzalipira kamodzi kumapeto, ndipo ndi bwino kuchidziwa musanasaine, osati mwezi womaliza utafika.

Koma pali msampha umodzi. Pepala litha kugwirizana lokhalokha, madanga onse kukwana bwino, pamene chiwongoladzanja chimene agwiritsa ntchito si cha m'pangano. N'chifukwa chake 0.05 ija muziitenga m'pangano limene munasaina, osati papepala limene mukulifufuzalo. Ngati pangano latchula chiwongoladzanja cha pachaka, gawani ndi 12. Chiwongoladzanja cha 60 peresenti pachaka ndi 5 peresenti pamwezi.

Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets atha kutsimikiza ndalama ya pamwezi ndi kagawidwe ka mwezi wachitatu motere:

```
=PMT(0.05,6,-600)
=IPMT(0.05,3,6,-600)
=PPMT(0.05,3,6,-600)
```

Mayankho ake ndi 118.21, 20.96 ndi 97.25.

## 5 peresenti ziwiri zosafanana

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimapita osaoneka. Obwereketsa awiri atha kunena mawu ofanana, "5 peresenti pamwezi," koma kawerengedwe kawo n'kukhala kosiyana.

Njira imene taona pamwambayi imalembedwa kuti `reducing balance`, kutanthauza kuti chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yotsala. Ina ndi ya fulati, papepala `flat rate`. Pa fulati chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama imene munatenga tsiku loyamba, mwezi uliwonse, ngakhale mutabweza kale zambiri. Pa $600 yathu ndiye kuti $30 mwezi uliwonse kwa miyezi 6, zonse $180. Mukaphatikiza ndi 600 n'kugawa ndi 6, mwezi uliwonse mukulipira $130, $100 ya ngongole yeniyeni ndi $30 ya chiwongoladzanja.

Kuzindikira njira imene yagwiritsidwa ntchito n'kosavuta. Yang'anani danga la chiwongoladzanja. Ngati nambala ikutsika mwezi ndi mwezi, ndi ya pa ndalama yotsala. Ngati ndi imodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi fulati.

Kusiyana kwake pa ngongole imeneyi ndi $70.73, ndipo pamene kumaonekera bwino ndi pa mwezi womaliza. Pa fulati mumalowa mwezi wachisanu ndi chimodzi muli ndi $100 yokha ya eni, koma mukulipirabe $30. Pa ndalama imene muli nayo m'manja imeneyo ndi 30 peresenti. Munthu uja wabweza zipinda zisanu, koma lendi akulipirabe ya nyumba yonse. Mukayeza ngongole yonseyo ndi muyeso wa pa ndalama yotsala, 5 peresenti ya fulati pa miyezi 6 imafanana ndi 8 peresenti ndi kachidutswa pamwezi, ndipo `=RATE(6,-130,600)` ikusonyezani zimenezo.

Obwereketsa ena amakonda fulati chifukwa ndi yosavuta kufotokoza ndi kuwerenga, ndipo obwereka ambiri amakonda nambala yozungulira ngati $130 kuposa $118.21. Fulati payokha si chinyengo ngati pangano lanena poyera kuti ndi fulati. Vuto limabwera pamene pangano likunena za pa ndalama yotsala koma pepala lawerengedwa mwa fulati, kapena pamene munthu akuyerekeza obwereketsa awiri pongomva peresenti. Wa 7 peresenti pa ndalama yotsala amatchipa kuposa wa 5 peresenti ya fulati pa miyezi 6, ngakhale kuti m'khutu zimamveka mosiyana. Funso lothandiza pa kauntala ndi lakuti, "Ndilandira zingati m'manja, ndipo ndikamamaliza ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi?"

## Mzere woyamba ukakana kugwirizana

Zolakwika zambiri zimaonekera pa mzere woyamba, ndipo kukula kwa kusiyanako kumaulula chifukwa chake.

Tinene kuti mumayembekezera $30.00 koma papepala palembedwa $30.90. Gawani 30.90 ndi 0.05. Yankho ndi 618, kutanthauza kuti chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa $618, osati pa $600. $18 yowonjezerayo ndi 3 peresenti ya 600, ndipo kawirikawiri imakhala ndalama yokonzera ngongole, imene papepala imalembedwa kuti `establishment fee` kapena `arrangement fee`, kapenanso inshuwalansi yolipira ngongole wobwereka akamwalira. Aiphatikiza ku ngongole, choncho nayonso ikubala chiwongoladzanja, ndipo ndalama ya pamwezi ikhala $121.76. Zikatero, danga la ngongole yeniyeni likwana 618.

Obwereketsa ena $18 imeneyo amaidula musanalandire. Papepala pamaoneka bwinobwino, 600 pamwamba, ziro pansi, koma m'manja munalandira $582. Pepala silinalakwe, koma silikunena zonse: mukubweza $118.21 pamwezi pa $582, ndipo mtengo wake weniweni ndi pafupifupi 6 peresenti pamwezi. Choncho pambali pa pepala la kabwezedwe muike risiti kapena uthenga wa pafoni wosonyeza ndalama imene inalowadi.

Nanga papepala pakalembedwa $30.58? Apa nkhani ndi ya masiku. Mabanki ambiri amawerenga chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku: ndalama yotsala, kuchulukitsa ndi chiwongoladzanja cha pachaka, kuchulukitsa ndi masiku, kugawa ndi 365.

```
600 × 0.60 × 31 ÷ 365 = 30.58
600 × 0.60 × 30 ÷ 365 = 29.59
```

Mwezi wa masiku 31 umabala zambiri pang'ono kuposa wa masiku 30, ndipo Febuluwale amabala zochepa kuposa yonse. Pepala lotere limaoneka ngati likugwedezeka ndi masenti, koma lili bwino. Kuti mulitsimikize, werengani masiku a pakati pa madeti awiri olipira ndi kalendala m'manja. Tsiku lotenga ndalama ndi tsiku lolipira musawawerenge onse awiri, werengani limodzi lokha.

Masiku omwewa ndi amene amatupitsa mzere woyamba kwa amene ngongole yawo imadulidwa kumalipiro, monga ogwira ntchito m'boma amene amadulidwa kudzera ku SSB, ofesi yoona za malipiro awo. Mukatenga ndalama pakati pa mwezi, koma kudula koyamba n'kudzachitika kumapeto kwa mwezi wotsatira, padutsa masiku ngati 45. Chiwongoladzanja cha masiku 45 pa $600 ndi $44.38. Ena amachiika pa kulipira koyamba, ena amachiphatikiza ku ngongole. Zonse ziwiri zimachitika, koma masikuwo ayambe kuwerengedwa pa tsiku limene ndalama inatuluka kwa obwereketsa, osati limene munalemba fomu yopempha.

## Pepala la kabwezedwe ndi sitetimenti si chinthu chimodzi

Pepala la kabwezedwe limanena zimene zidzachitike mukamalipira ndalama yonse pa tsiku lake. Sitetimenti imanena zimene zachitikadi. Mukangoperewera kapena kuchedwa kamodzi, manambala a pepala lija kuyambira pamenepo sagwiranso ntchito, ndipo muyenera kuwerenganso nokha.

Tinene kuti mwezi wachitatu malonda anavuta, mwapereka $100 m'malo mwa $118.21. Chiwongoladzanja cha $20.96 chichotsedwa chonse monga mwa nthawi zonse. Ku ngongole yeniyeni kupita $79.04 yokha, ndipo yotsala ikhala $340.13, osati $321.92. Mwezi wachinayi chiwongoladzanja chikhala $17.01 m'malo mwa $16.10. Masenti 91 amenewo ndi oyenera. Chindapusa cha kuchedwa, ngati pangano lili nacho, chimabwera pamwamba pa zimenezi, ndipo chizikhala pa mzere wakewake pa sitetimenti. Muonenso kuti chikuwerengedwa pa chiyani. Chindapusa cha pa $18.21 imene munaperewera ndi cha pa $340.13 yonse n'zosiyana kutalitali, ndipo pangano ndilo linene kuti ndi chiti.

Werenganinso ndime ya pangano yonena za mmene ndalama yolipira imagawidwira. M'mapangano ambiri imayamba yapita ku zindapusa ndi zolipira zina, kenako ku chiwongoladzanja, n'kumalizira ku ngongole yeniyeni. Ndiye kuti ngati pali chindapusa cha $10 chimene simunachidziwe, mwezi wotsatira mutha kupereka $118.21 yathunthu koma m'buku mwawo n'kuonekanso kuti mwaperewera ndi $10, ndipo chindapusa china n'kubadwa. Anthu ena amayenda miyezi ingapo ali m'gulu la ochedwa chifukwa cha kandalama kamodzi kotere.

Pali kanthu kena ka muno mu Harare. Masenti a dola ya ku America sapezeka, choncho wolipira ndi ndalama ya m'manja sangapereke $118.21 ndendende. Amapereka $120. Onani kumene $1.79 yotsalayo yapita. Ikalowa ku ngongole yeniyeni, mwezi woyamba yotsala ikhala $510.00, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi wachiwiri chikhala $25.50. Ena amaisunga pambali ngati ndalama yolipiriratu ya mwezi wamawa, ndipo chiwongoladzanja sichitsika. Chofunika n'chakuti risiti inene $120, ndipo $1.79 iziwoneka penapake pa sitetimenti.

Olipira kudzera pa EcoCash kapena pa banki akumbukire kuti msonkho wa boma wa pa ndalama zotumizidwa, wotchedwa IMTT, komanso ndalama yotumizira si mbali ya ngongole. Imene imawerengedwa ndi imene yafika kwa wobwereketsa. Palinso nkhani ya ndalama ziwiri, dola ya ku America ndi ZiG, ndalama ya dziko lino imene inayamba mu Epulo 2024. Ngongole ikakhala ya madola koma inu n'kulipira mu ZiG, risiti isonyeze mtengo wosinthira wa tsikulo ndi madola amene alowa m'buku. Kuwerenga kwanu konse kuzikhala mu ndalama ya ngongoleyo, apo ayi simudzadziwa ngati kusiyana kwabwera ndi chiwongoladzanja kapena ndi kasinthidwe.

Kwa amene atsalira kwa nthawi yaitali, malamulo a Zimbabwe ali ndi mfundo yotchedwa in duplum, yonena kuti chiwongoladzanja chosalipidwa chimasiya kukula chikafanana ndi ngongole yeniyeni imene yatsala. Kuti muone ngati malirewo afikidwa, sitetimenti iyenera kusiyanitsa ziwirizi. Ikangopereka nambala imodzi, pemphani yogawa.

## Mukafuna kumaliza msanga

Tibwerere kwa mayi aja. Mwezi wachitatu alipira, ndipo tsiku lomwelo akufuna kutseka ngongole. Pa njira ya pa ndalama yotsala, oyenera kulipira ndi $321.92, kuphatikiza ndalama yomalizira msanga ngati pangano laitchula. Wina akaonkhetsa miyezi itatu yotsala n'kunena kuti $354.64, ndiye kuti waikamo $32.72 ya chiwongoladzanja cha miyezi imene sinafike, yomwe ndi 16.10, 10.99 ndi 5.63 za papepala lija. Akatseka patapita masiku ena chilipirireni, pa $321.92 pawonjezeke chiwongoladzanja cha masiku okhawo, pafupifupi masenti 53 patsiku.

Pa fulati yankho limadalira pangano. Pepala litha kusonyeza kuti yatsala $300, koma obwereketsa ena amafuna $390, miyezi itatu yonse ya $130, poti chiwongoladzanja cha $180 chinagwirizanidwa tsiku loyamba. Ena amachotsako gawo. Amene akuganiza kuti mwina adzabweza msanga, katundu akayenda bwino, awerenge ndime imeneyi asanasaine.

## Mukapeza kusiyana

Musapite ku ofesi n'kungoti ngongole yachuluka, chifukwa yankho lake lidzakhala lakuti ndi mmene kompyuta yawerengera. Pezani mzere woyamba umene nambala yanu yasiyana ndi yawo. Cholakwika chimodzi chimayenderera m'mizere yonse ya pansi pake, choncho mizere isanu yolakwika nthawi zambiri gwero lake ndi limodzi. Tengani pangano, pepala la kabwezedwe, marisiti ndi kuwerenga kwanu, ndipo funso likhale la mzere umenewo: "Bambo, pa mzere wachiwiri ine ndapeza $25.59, inu mwalemba $27.10. Mwachulukitsa ndalama iti, ndi peresenti iti, kwa masiku angati?" Zinthu zitatu zimenezi ndizo zimapanga chiwongoladzanja, ndiye kusiyanako kuli pa chimodzi mwa izo, kapena pali ndalama ina imene yalowetsedwa m'dangalo.

Pemphani kuti yankho likhale lolembedwa, ndipo akavomera kukonza akupatseni sitetimenti yatsopano, osati lonjezo la pakamwa. Pamene mukudikira pitirizani kulipira ndalama ya pamwezi, chifukwa mukaima chindapusa chiyamba kuwerengedwa ngakhale mutakhala kuti mukunena zoona. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono amene ali ndi chiphaso amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Zimbabwe, ndipo nkhani ikakanika ku ofesi kwawo mutha kukaitula kumeneko ndi mapepala omwewo. Wa katapila, amene anzathu Achishona amati chimbadzo, sapereka pepala lotere, choncho pamenepo lembani nokha m'kope tsiku, ndalama imene mwapereka ndi yotsala, ndipo iye azisaina pa mzere uliwonse.